Yuriki asidi wakwera, chala chachikulu cha kuphazi chikuwawa: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene odwala ndi abale awo amandifunsa kawirikawiri akabwera ndi pepala la zotsatira za magazi m'manja, phazi limodzi lili mu nsapato, lina lili mu patapata. Ambiri amakhala atazunguliza kale nambala imodzi ndi cholembera, ndipo amafuna ndingonena kuti inde kapena ayi pa funso lakuti kodi ndi gauti, matenda otupitsa mfundo za mafupa amene amabwera yuriki asidi akachuluka m'magazi. Nambala imeneyo payokha siyankha funsolo. Tiyenera kudziwa tsiku limene magazi anatengedwa, muyezo umene labotale yagwiritsa ntchito, mankhwala amene munthu akumwa, ndiponso mmene impso zake zilili.

Yuriki asidi n'chiyani? Kodi ndi asidi yemwe uja amawotcha pamtima?

Ayi, ndipo chisokonezo chimenechi chawonongetsa anthu ndalama zambiri. Asidi wa m'mimba ndi wogaya chakudya, ndiye amayambitsa chilungulira ndi zilonda za m'mimba. Yuriki asidi ali m'magazi. Ndi zinyalala zimene zimatsala thupi likaphwanya zinthu zotchedwa mapyurini, zomwe zimapezeka m'maselo a thupi lathu lomwe ndiponso m'zakudya monga chiwindi, impso ndi nyama. Gawo lalikulu la asidiyu thupi limapanga lokha, chakudya chimangowonjezera. Mwa magawo atatu a zinyalalazi, awiri amatuluka kudzera mu impso pokodza, limodzi kudzera m'matumbo.

Choncho mankhwala a chilungulira, soda wophikira therere, kusiya malalanje ndi mandimu, zonsezi sizichiza gauti. Ndaonapo mayi atasiya tomato ndi zipatso zonse zowawasa kwa chaka chathunthu, pamene chimene chinkakweza asidi wawo chinali m'kabotolo ka mankhwala a BP.

N'chifukwa chiyani ululu umasankha chala chachikulu, ndipo umabwera usiku?

Ganizirani mchere mu msuzi. Ukachuluka, msuziwo n'kuzizira, mchere umayamba kuuma m'mbali mwa poto. Magazi nawo ali ndi malire a yuriki asidi amene angathe kumusunga wosungunuka, ndipo malirewo ndi pafupifupi 6.8 pa muyezo wa `mg/dL`. Asidi akakhala pamwamba pa apo kwa miyezi ndi zaka, amayamba kuuma n'kukhala timibulu tosongoka ngati singano, tosaoneka ndi maso, tomwe timakhazikika molumikizana mafupa. Malo ozizira ndiye timauma msanga. Mfundo ya patsinde pa chala chachikulu ili kutali ndi mtima, ndi yozizira kuposa m'kati mwa thupi, komanso imasenza thupi lonse poyenda kotero imakhala yoperepeseka kale. Usiku phazi limazizira, madzi amene anasonkhana mu mfundoyo masana amabwerera m'magazi, asidi n'kutsala wokhathamira.

Timibuluto tingakhale phee kwa nthawi yaitali. Tsiku lina asilikali a m'thupi amatizindikira n'kutiukira ngati tizilombo, ndiye ululu umene umadzutsa munthu tambala asanalire. Chala chimatupa, chimatentha, khungu limanyezimira. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, mumangoona malowo ada kwambiri kapena achita ngati pepo. Ngakhale nsalu yofunda ikangokhudza, munthu amakuwa. Ululu umafika pachimake pasanathe maola 24, ndipo ngakhale osamwa kanthu umazilala pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, nthawi zina khungu n'kusupuka. Pafupifupi theka la anthu a gauti imawayambira pachala chimenechi. Ena imawagwira pa kakolo, pamwamba pa phazi kapena pa bondo.

Kubwera mwadzidzidzi kotereku n'kumene kumachititsa ambiri kukhulupirira kuti aponda mankhwala. Kuzilala kokha pakatha masiku khumi n'kumene kumapatsa mbiri aliyense amene anapereka chithandizo chomaliza.

Papepala langa palembedwa 480, la mnzanga palembedwa 8. Ndiye kuti ine ndadwala kwambiri?

Nonse awiri muli pamodzimodzi. Kusiyana kuli pa muyezo, monga mmene wina anganenere mtunda m'makilomita wina m'mamita. Yang'anani mzere wolembedwa `Uric acid` kapena `Urate`, kenako onani zilembo zimene zili kutsogolo kwa nambala. Malabotale a kuno ena amalemba mu `mg/dL`, ena mu `µmol/L`. Amene mumayezetsa ku Joni nthawi zambiri mudzaona `mmol/L`, nambala yake yoyamba ndi ziro, monga 0.48. Ku Mangalande ambiri amalemba `µmol/L`. Kasinthidwe kake ndi aka:

```
mg/dL x 59.5 = µmol/L
µmol/L ÷ 1000 = mmol/L
```

Ndiye 8 kuchulukitsa ndi 59.5 ikutipatsa 476, yomwe ku Joni ingalembedwe 0.48. Nambala ziwiri zokha ndi zimene ndingakonde muzisunge pamtima: 6.8, malire amene asidi amayamba kuuma, omwe ndi pafupifupi 400 pa muyezo winawo, ndi 6, yomwe ndi 360, pomwe munthu wa gauti amene ali pa mankhwala ayenera kukhala pansi pake.

Pambali pa nambala yanu pamakhala manambala awiri osonyeza mulingo wa anthu abwinobwino. Amasiyanako pang'ono malinga ndi labotale, koma kwa amuna malire a pamwamba amakhala cha m'ma 7, kapena 420, kwa akazi cha m'ma 6, kapena 360. Akazi amene sanasiye kusamba amakhala otsika chifukwa mahomoni awo amathandiza impso kutaya asidiyu, n'chifukwa chake gauti mwa mtsikana kapena mayi wachitsikana ndi yachilendo ndipo imafuna kufufuza chifukwa china.

Pali msampha apa. Munthu wa gauti yotsimikizika akapeza 6.9, pepala silimuikira chizindikiro chilichonse chifukwa sanadutse 7, iye n'kumati wachira. Pa 6.9 timibulu tija sitisungunuka.

Ndinayezetsa chala chili chotupa, asidi n'kupezeka ali bwinobwino. Ndiye si gauti?

Ikhoza kukhala gauti ndithu. Pa nthawi ya ululu, kutupa komweko kumachititsa impso kutaya asidi wambiri mu mkodzo, ndiye nambala ya m'magazi imatsika kwa kanthawi. Si zachilendo munthu kukhala ndi chala chofufuma ngati mbatata, magazi n'kuonetsa 5.8. Nambala ikapezeka yokwera pa nthawi ya ululu imathandiza kutsimikiza. Ikapezeka yotsika sitsutsa kanthu.

Chofunika n'kubwereza kuyeza patapita masabata awiri kapena kuposerapo ululu utatheratu. Vuto n'lakuti pofika nthawi imeneyo munthu wavalanso nsapato, wabwerera ku ntchito, ndipo kulipiranso ndalama ku labotale pa chala chimene chasiya kuwawa kumaoneka ngati kuwononga. Ngati ndalama zanu zikukwana kuyezetsa kamodzi kokha, ine ndinganene kuti musunge za ulendo wachiwiriwu.

Pa yuriki asidi payekha sipafunika kugona ndi njala musanatengedwe magazi, pokhapokha ngati akuyezaninso shuga kapena mafuta. Koma musapite tsiku lotsatira phwando la mowa, kapena muli pakati pa kusala kudya kwa masiku angapo, kapena mutauma ndi ludzu la mwezi wa Okutobala. Zonsezi zimakweza nambala kwa kanthawi.

Nanga asidi atakwera koma palibe pamene pakundiwawa?

Anthu ambiri a asidi wokwera sadwala gauti moyo wawo wonse. Ngati simunatupepo mfundo, mulibe zotupa zolimba pakhungu, ndipo simunakhalepo ndi miyala mu impso, nthawi zambiri sitikupatsani mankhwala otsitsa asidi. Chimene nambalayo yatichitira n'kutiloza ku impso, BP, shuga ndi kunenepa, ndipo tiyenera kukayang'ana kumeneko.

Mbali ina ya nkhani yomweyi imandidetsa nkhawa kwambiri. Munthu akumva msana, mapewa, mawondo onse awiri, ululu wa tsiku ndi tsiku wa miyezi yambiri, wayezetsa n'kupeza 7.3, basi aliyense wagamula kuti ndi asidi. Gauti sichita choncho. Imabwera mwaukali pa mfundo imodzi, n'kuchoka, munthu n'kukhala bwinobwino mpaka ulendo wina. Ululu wa mawondo umene umakula poyenda mwa munthu wachikulire nthawi zambiri ndi nyamakazi ya kutha kwa mafupa, ndipo 7.3 uja wangopezekapo.

Ndiye chimene chimatsimikiza kuti ndi gauti n'chiyani?

Umboni wosatsutsika ndi kuona timibuluto. Dokotala amalowetsa jakisoni mu mfundo yotupayo, n'kukoka timadzi, n'kutiyang'ana pa maikulosikopu yapadera. Timibulu ta gauti timaoneka ngati singano. Pali matenda ena ofanana nawo amene timibulu take ndi ta kashiamu, tooneka ngati tinjerwa, ndipo amakonda bondo ndi mfundo ya dzanja mwa okalamba. Amenewo mankhwala otsitsa yuriki asidi sawathandiza. Timadzi tomweto amatiyezanso ngati muli tizilombo.

Kunena zoona, mfundo ya chala ndi yaing'ono, ndipo kuyeza kotereku simungakupeze pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Mwa munthu wamwamuna wa zaka zapakati, amene chala chachikulu chatupa usiku umodzi, chinachitapo chimodzimodzi kale n'kuphwa chokha, alibe kutentha thupi, ndipo asidi wake wapezeka pamwamba pa 6 ululu utatha, dokotala akhoza kunena kuti ndi gauti popanda kuboola mfundo. Pomwe timaumirira kukoka madzi ndi pa bondo kapena kakolo wotupa kwambiri, pa munthu wotentha thupi, kapena nkhani ikakhala yosamveka bwino.

Ekisire m'zaka zoyamba sionetsa gauti. Imathandiza kuona ngati fupa lathyoka kapena ngati mfundo yatha. Gauti ikakhalitsa ndi pomwe imaonetsa timaenje m'mphepete mwa fupa, ngati pamene mbewa yaluma. Sikani ya mafunde, ija amaunikira amayi oyembekezera, m'manja mwa munthu woidziwa imatha kuonetsa mzere wa timibulu pamwamba pa chichereŵechereŵe.

Dokotala wabwino adzakugwiraninso m'mphepete mwa makutu, pa zigongono, pa zala za m'manja ndi kumbuyo kwa chidendene. Akufuna zotupa zolimba zosawawa, zomwe zikaphulika zimatulutsa zoyera ngati choko. Zimenezo ndi asidi wouma amene wadzikundika kwa zaka zambiri, ndipo zikapezeka nkhani yatha, ndi gauti ndipo ikufunika mankhwala a nthawi yaitali.

Ndi zizindikiro ziti zimene siziyenera kudikira mawa?

Kutentha thupi ndi kunjenjemera pamodzi ndi mfundo yotupa. Bala, mafinya kapena fungo pa phazi, makamaka mwa munthu wa shuga. Kutupa kumene kukukwera mwendo. Chala chozizira, chakuda, chosamva kukhudza. Mfundo imene yalowa tizilombo imaoneka chimodzimodzi ndi gauti, koma imawonongeka m'masiku ochepa ndipo matendawo akalowa m'magazi amapha. Kukhala ndi asidi wokwera sikuteteza munthu ku zimenezi, ziwirizi zimatha kupezeka mu mfundo imodzi. Amene chitetezo chawo n'chotsika, a shuga, ndi amene amamwa puredinisoloni, mankhwala ochepetsa kutupa, nthawi yaitali asayese n'komwe kudzigamulira.

Apa ndinenepo za mphini. Kutema pa mfundo yotupa n'kupakapo mankhwala akuda n'kutsegulira tizilombo khomo pamalo amene ali kale pa moto. Ndalandirapo phazi limene linayamba ndi gauti wamba, lomwe likanaphwa lokha, koma linafika likutuluka mafinya m'timabala tisanu ndi kamodzi ta lezala.

Pa fomu adokotala achonga zinthu zambiri. Zonsezi n'zofunikadi, kapena akungofuna ndalama?

Si zonse zimene zili zofanana kulemera. Ndikanati ndisanje, impso zikanakhala patsogolo penipeni, mwina ngakhale patsogolo pa yuriki asidi yemweyo. Mwa anthu a gauti, pafupifupi asanu ndi anayi mwa khumi vuto lawo si kupanga asidi wambiri, koma impso zimene sizikumutaya mokwanira. Kwa ena n'chibadwa cha kumtundu, impso zili bwinobwino pa zina zonse. Kwa ena ndi chizindikiro choyamba chakuti impso zayamba kufooka chifukwa cha BP kapena shuga. Papepala yang'anani `Creatinine` ndi `eGFR`, manambala osonyeza mmene impso zikugwirira ntchito. Nambala ya `eGFR` ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu kapena kuposa, timati impso zili ndi matenda okhalitsa. Nambala imeneyi ndi imene imatiuza mankhwala a ululu amene tingakupatseni ndi amene angakuvulazeni. Mkodzo nawo uyezedwe ngati muli puloteni kapena magazi, n'kotchipa koma kumanena zambiri.

Amene muli pa ma ARV okhala ndi dolutegulaviya, dziwani kuti mankhwalawa amakweza `Creatinine` pang'ono popanda kuwononga impso, pomwe tenofoviya amene ali m'piritsi lomwelo amatha kuzivutitsa mwa anthu ena. Wowerenga pepala lanu ayenera kudziwa kuti mukumwa zimenezi, apo ayi adzawerenga molakwika.

Kenako BP ndi shuga. Kuyeza BP sikulira ndalama. Shuga wa m'mawa musanadye akafika 7.0 pa muyezo wa `mmol/L`, kapena `HbA1c`, yomwe imaonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi ingapo yapitayo, ikafika 6.5, ndiye kuti ndi matenda a shuga, akatsimikiza kachiwiri. Gauti, BP, shuga, mimba yaikulu ndi mafuta ochuluka m'magazi zimayendera limodzi ngati ana a mayi mmodzi, ndipo pa gulu limeneli chala ndiye chimafuula kwambiri koma chimene chimapha ndi sitiroko ndi mtima.

`FBC` ndi `CRP` kapena `ESR` zimaonetsa kukula kwa kutupa. Zimakwera pa gauti, zimakweranso pa tizilombo, choncho sizilekanitsa ziwirizi pazokha. Ubwino wa `FBC` n'kuti nthawi zina imavumbula matenda a magazi amene amapanga asidi wambiri. Za chiwindi timayeza tisanayambe alopurinolo, mankhwala otsitsa yuriki asidi, makamaka mwa omwa mowa. Mafuta a m'magazi angadikire mwezi wamawa ngati thumba lapepuka.

Kodi mankhwala ena amene ndikumwa angakhale ndiwo akukweza asidi?

Kwambiri, ndipo n'chifukwa chake timati mubwere ndi buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi onse. Woyamba kumukayikira ndi kapiritsi ka BP kokodzetsa kotchedwa haidulokulorothayazaidi, kamene pa paketi amangolemba `HCTZ`. Kuno kwathu anthu ambiri a BP amayambira pa kameneka, ndipo kamachititsa impso kusunga asidi. Lasikisi, wochotsa madzi m'thupi, amachita chimodzimodzi. Mwa mankhwala ena a BP, amulodipini sakweza, ndipo losatani amatsitsako pang'ono, kotero nthawi zambiri pamakhala posinthira. Kusinthako achite ndi dokotala. Munthu wa vuto la mtima akangosiya lasikisi payekha, madzi amadzaza m'mapapo.

Wachiwiri ndi mankhwala a TB. M'miyezi iwiri yoyamba ya chithandizo mumakhala pirazinamaidi, amene amakweza asidi mwa anthu ambiri ndipo amapweteketsa m'mfundo. Ethambutolo nayenso amawonjezerako. Nambala yokwera pa nthawi imeneyi si chifukwa chosiyira mankhwala a TB. Imatsika yokha pirazinamaidi akatha. Mukatupa mfundo kauzeni a ku TB, iwo aone chochita.

Asipirini wamng'ono wa tsiku ndi tsiku amakwezanso pang'ono, koma ngati munapatsidwa chifukwa cha mtima kapena sitiroko pitirizani.

Mungatipatse chitsanzo cha mmene zonsezi zimawerengedwera pamodzi?

Tiyerekeze bambo a zaka 52, a golosale, amimba yotsogola, amene akhala pa `HCTZ` zaka zitatu. Loweruka anali ku ukwati, kunali nyama yambuzi, zam'kati ndi mowa. Lolemba cha m'ma 3 koloko usiku adzuka chala chachikulu cha phazi lamanja chikuyaka. Lachiwiri afika ku chipatala atatsamira mwana wawo. Thupi silikutentha, pa phazi palibe bala. Akumbukira kuti chaka chatha zinachitikanso, iwo n'kuganiza kuti anapunthwa pa mwala. BP ili 156/96. Magazi a tsiku limenelo aonetsa yuriki asidi 6.3, `Creatinine` 128 ndi `eGFR` 58.

Wowerenga mwachangu anganene kuti asidi ali bwino, si gauti, n'kuwapatsa daikulofenaki wa masabata awiri. Zonse ziwiri n'zolakwika. Nambala ya 6.3 yatengedwa pakati pa moto, ndiye siikhulupirika. Ndipo `eGFR` ya 58 mwa munthu wa BP yokwera ikutichenjeza kuti daikulofenaki, bulufeni ndi indosidi akhoza kukankhira impso kuphompho. M'malo mwake, shuga wa pachala atapezeka kuti sanakwere kwambiri, apatsidwa puredinisoloni wa 30 mg m'mawa uliwonse kwa masiku asanu, auzidwa kukweza phazi, kuikapo nsalu yokulunga madzi oundana ndi kumwa madzi ambiri. Pofika Lachisanu akuponda pansi.

Patapita masabata atatu abweranso, osamva kanthu, asanadye. Tsopano asidi ali 9.1, yomwe ndi 541 pa muyezo wina uja. Shuga ali 6.5, sanafike pa matenda koma ali pakhomo. Nkhani yonse yaoneka: gauti yobwereza, impso zofooka pang'ono, ndi piritsi la BP limene likuthira mafuta pamoto. `HCTZ` achotsedwa, alowetsedwa amulodipini. Patatha mwezi asidi watsika kufika 8.2. Watsika, koma akadali kutali ndi 6, ndipo kusala nyama kokha sikungatseke mpata wotere. Ayamba alopurinolo pa 50 mg, theka la piritsi, chifukwa cha impso zija, pamodzi ndi kolichisini wochepa woteteza ku ululu. Mwezi uliwonse akuyezetsa n'kuwonjezera: pa 100 mg asidi ali 7.4, pa 200 mg ali 6.5, pa 300 mg ali 5.7. Apo ndiye aima. M'mwezi wachiwiri chala chinatupanso masiku anayi, iwo anafuna kutaya mankhwalawo, koma anali atachenjezedwa kale. `eGFR` yobwereza patatha miyezi itatu inali 59, kutsimikiza kuti impso zikufuna kuyang'aniridwa chaka ndi chaka.

Alopurinolo ndinamwa sabata imodzi, ululu n'kuwonjezeka. Si mankhwala olakwika amenewa?

Alopurinolo si mankhwala a ululu, ndipo kumumwa ngati panado, pokhapokha chala chikawawa, ndi njira yotsimikizika yodzizunzira. Ntchito yake n'kuchepetsa asidi amene thupi limapanga. Asidi akayamba kutsika m'magazi, milu ya timibulu ija imayamba kugumuka, ndipo tizidutswa take timadzutsa asilikali a m'thupi. Ndiye m'miyezi yoyamba ululu umatha kubwera pafupipafupi kuposa kale. Pofuna kupewa zimenezi timayamba ndi mlingo wochepa, 100 mg kapena kucheperapo, n'kumakweza pang'onopang'ono, ndipo timaperekezapo kolichisini kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Ngati muli kale pa alopurinolo ndipo chala chatupa, musasiye. Chizani ululuwo, iye apitirire.

Amene amafunika mankhwalawa ndi amene gauti yawagwira kawiri kapena kuposa pa chaka, amene ali ndi zotupa za choko zija, amene mafupa ayamba kudyeka, ndipo nthawi zambiri amene ali ndi impso zofooka kapena miyala mu impso ngakhale yawagwira kamodzi. Mlingo woyenera si 100 kapena 300, ndi umene wafikitsa asidi pansi pa 6. Wa zotupa za choko timafuna afike pansi pa 5, yomwe ndi 300, kuti zisungunuke msanga. Anthu ambiri amene amati alopurinolo sagwira ntchito akhala pa 100 mg zaka zitatu popanda kuyezetsanso ngakhale kamodzi. Mukafika pa mulingo, kuyezetsa kamodzi kapena kawiri pa chaka n'kokwanira. Mukasiya, asidi amabwerera pomwe anali m'masabata ochepa, ngakhale chala chimatenga miyezi kuti chikumbutse.

Chenjezo limodzi lokha, koma lalikulu: mukatuluka zidzolo pakhungu, zilonda m'kamwa kapena m'maso, kapena kutentha thupi m'miyezi yoyamba ya alopurinolo, siyani tsiku lomwelo n'kupita ku chipatala. Sizichitikachitika, koma zikachitika khungu limatha kusupuka ngati munthu wapsa ndi moto.

Nanga kolichisini, ndimve bwanji za kamwedwe kake?

Amagwira bwino akayambidwa tsiku loyamba la ululu, kapiritsi ka 0.5 mg kawiri kapena katatu pa tsiku. Malangizo akale akuti muzimwa ola lililonse mpaka mutsegule m'mimba anasiyidwa, chifukwa malire pakati pa mlingo wochiza ndi wakupha ndi aafupi. Kutsegula m'mimba ndi chizindikiro chakuti mwadutsa, imani. Wa impso zofooka amafunika wochepa. Amene ali pa ma ARV okhala ndi ritonaviya, kapena akumwa erithiromaisini, anene msanga, chifukwa mankhwala amenewa amachititsa kolichisini kudzikundika m'thupi.

Ndipo chenjerani ndi timapaketi ta mapiritsi osakaniza, opanda dzina, amene amagulitsidwa m'misika ndi m'mabasi kuti ndi a nyamakazi. Ululu amathetsadi, chifukwa kawirikawiri mumakhala mankhwala a gulu la puredinisoloni ndi la daikulofenaki. Munthu akawamwa miyezi amabwera nkhope yafufuma, shuga wakwera, m'mimba muli zilonda, asidi ali pomwe anali.

Ndisiye kudya chiyani? Andiuza kuti nyemba, usipa, nyama, tomato, zonse ayi.

Mukatsatira mndandanda uliwonse umene mwapatsidwa mutsala ndi nsima ndi madzi. Kusala zakudya mwakhama kumatsitsa asidi ndi pafupifupi 1 pa muyezo wa `mg/dL`, kawirikawiri osaposa apo. Kwa munthu wa 7.2 zimenezi n'zamtengo wapatali. Kwa wa 9.1 n'zothandiza koma sizikwanira, ndipo asadziimbe mlandu kuti walephera kudziletsa.

Zoyenera kuchepetsa kwenikweni n'zochepa. Mowa uli patsogolo, makamaka wa m'mabotolo ndi wamasese, chifukwa uli ndi mapyurini komanso umaletsa impso kutaya asidi. Kachasu ndi mowa wina waukali nawo sitiupatula. Kenako zam'kati: chiwindi, impso, nthumbwana, ndi msuzi wake. Kenako zakumwa zotsekemera za m'mabotolo ndi majuwisi othira shuga, zomwe anthu ambiri saziganizira n'komwe, mpaka wina amasiya mowa n'kuyamba kumwa mabotolo anayi a zoziziritsa kukhosi pa tsiku. Nyama yofiira ichepe, isachite kutheratu. Nsomba zing'onozing'ono zodyedwa zathunthu ndi mitu ndi matumbo omwe, monga usipa ndi kapenta, zili ndi mapyurini ambiri, koma kwa mabanja ambiri ndiyo ndiwo yokhayo ya thanzi imene angaikwanitse, ndiye ine ndimati chepetsani kadyedwe, musadye mbale yodzaza tsiku ndi tsiku, ndipo muzipewe pa masiku a ululu.

Nyemba, nandolo, khobwe, soya, mtedza ndi masamba idyani. Mapyurini a zomera sanapezeke kuti amayambitsa gauti monga a nyama. Mazira ali bwino, mkaka ndi chambiko zimathandizako. Kuchepetsa thupi kumatsitsa asidi, koma kuchitike pang'onopang'ono, chifukwa kudzimana chakudya mwadzidzidzi kumakweza asidi n'kudzutsa chala. Amene mumasala kudya masiku angapo ku tchalitchi kapena mwezi wa Ramadani, mwani madzi okwanira pa maola ololedwa ndipo musadumphitse alopurinolo, ingosunthani nthawi yomwera.

Bambo anga anali ndi gauti. Ine ndiyezetse ngakhale sindikumva kanthu?

Gauti imayendadi m'magazi a kumtundu. Koma ngati simunatupepo mfundo, yambani ndi BP, shuga ndi impso, zimene zingasinthe zochita lero. Yuriki asidi muwonjezerepo ngati mukuyamba `HCTZ` kapena lasikisi, ngati munakodzapo miyala, kapena ngati munadzukapo usiku wina ndi kakolo kapena chala chotupa chimene munachitcha kubinya ngakhale simukumbukira pomwe munapunthwa. Pepala la zotsatira mulimate m'buku lanu la kuchipatala, ndipo pambali pa nambala mulembe ndi dzanja lanu ngati tsiku limenelo chala chinali chotupa kapena ayi.